Kalata Yopita Kusitolo PS5 Ikayamba Kuzima Yokha Pasanathe Masabata Awiri

*Ndinagulira mwana wanga PS5 yatsopano pa K14,500 m'sitolo ina ya m'tauni muno pa 1 Marichi. Pa 5 Marichi inayamba kuzima yokha akangosewera mphindi 20, ndipo mawa lake ndinauza amene anandigulitsayo pa WhatsApp, iye nati ndiyiike pamalo opita mphepo. Lero akwana masabata awiri chigulireni, ndipo vuto silinathe. A kusitolo akuti masiku 7 obwezera katundu anadutsa kale, koma ndiwasiyire kuti mmisiri wawo aione. Ndilembe kalata yotani kuti andibwezere ndalama kapena andipatse ina? — Bambo wa ku Chilenje*

Bambo, kalata imeneyi ilembedwe lero lomwe, ndipo ifike kusitolo makinawo asanachoke m'manja mwanu. Zonse zimene mwakambirana pa kauntala zinapita ndi mphepo, chifukwa tsiku limene nkhaniyi idzafike kwa munthu wachitatu, aliyense adzakumbukira zomukomera iye yekha. Chinthu champhamvu kwambiri chimene muli nacho ndi uthenga wa pa WhatsApp wa pa 6 Marichi uja, popeza ukuonetsa kuti sitolo inadziwa za vutoli pasanathe masiku 7 amene akuwatchulawo, ndiponso kuti ndi wogulitsa yemweyo amene anakuuzani kuti muyambe mwayesa zina. Jambulani uthengawo pafoni moti tsiku ndi nambala ya wolandira zioneke bwino, musindikize papepala, ndipo kalata yanu yonse iime pamenepo.

Lamulo limene likukutetezani ndi Competition and Consumer Protection Act, nambala 24 la chaka cha 2010, lomwe linakonzedwanso mu 2023, ndipo bungwe lolondoloza lamuloli ndi CCPC. Gawo 49 limaletsa wamalonda kugulitsa katundu wowonongeka kapena wosatha kugwira ntchito imene katundu wotero amagulidwira, ndipo njira zokonzera cholakwacho zimene limatchula ndi ziwiri, kubweza ndalama kapena kupereka katundu wina wabwinobwino. Gawo 48 limaletsa mwini sitolo kupachika chikwangwani chokana udindo wake kapena chochotsera wogula ufulu umene lamulo lamupatsa. Choncho mawu aja olembedwa pakhoma kapena pansi pa lisiti, akuti katundu akagulidwa sabwezedwa, alibe mphamvu pa makina amene akuzima okha.

Za masiku 7 ndikufuna muzimvetse bwino, chifukwa apa ndi pamene ogula ambiri amagonjera msanga ndipo ena amalimbira zinthu zimene sangapambane. Masitolo ambiri ali ndi lamulo lawolawo lakuti munthu akasintha maganizo abweze katundu pasanathe sabata, ndipo kumeneko ndi kukoma mtima kwa sitolo, komwe sikukhudzana ndi katundu wowonongeka. Komabe a kusitolo sanangotola nambala imeneyi pamsewu: mawu a gawo 49 monga analembedwera mu 2010 amatchula masiku 7 pa nkhani yobweza ndalama, pamene pa nkhani yopereka katundu wina amangonena kuti zichitike ngati n'zotheka ndiponso ngati wogula wasankha zimenezo. Pachifukwa ichi langizo langa n'lakuti pempho lanu loyamba likhale la makina ena atsopano a mtundu womwewo, ndipo kubweza ndalama kubwere monga njira yachiwiri ngati sitolo ilibe makina otero. Mukatero mwatseka pakamwa aliyense wofuna kukangana za masiku, ndipo manejala amavomera mosavuta kusintha katundu, amene iyenso angathe kubweza kwa amene anamuodetsa, kusiyana ndi kutulutsa K14,500 m'kabati. Ufulu wofuna ndalama simunautaye ayi, ndipo uthenga wa pa 6 Marichi ukuulimbitsa.

Palinso lamulo lakale la malonda a katundu, Sale of Goods Act la 1893, lochokera ku England, limene makhoti a m'Zambia amagwiritsabe ntchito. Limanena kuti katundu wogulitsidwa ndi wamalonda ayenera kukhala woyenera kugulitsidwa, koma limanenanso kuti wogula akasunga katundu kwa nthawi yotalikirapo osauza wogulitsa kuti akumukana, amayesedwa kuti wamuvomera. N'chifukwa chake m'kalata yanu muyenera kukhala chiganizo chimodzi chonena poyera kuti makinawa simukuwavomera, ndipo kuyambira tsiku limene mwapereka kalatayo mwana asiye kuwagwiritsa ntchito. Ndikudziwa kuti kwa mwana amene anadikira mphatsoyi kwa nthawi yaitali zimenezi n'zowawa, koma munthu amene akuti wakana katundu pamene katunduyo akuseweredwa madzulo alionse amafooketsa yekha mlandu wake.

Musanalembe, patulani madzulo amodzi kuti muone vutolo ndi maso anu, chifukwa kalata yongoti makina ndi owonongeka siyithandiza aliyense, pamene kalata yofotokoza zimene zimachitika, pa mphindi yanji, ndi zimene zimaoneka pa TV imavuta kuikana. Ikani makinawo poyera, osati m'kabati ya TV yotseka, ndipo musiye mpata wa masentimita 10 kapena kuposerapo pakati pa makinawo ndi khoma, monga a Sony amalangizira. Alumikizeni pa soketi ya pakhoma ndi chingwe chimene chinabwera m'bokosi, nthawi imene magetsi ali bwinobwino. Kenako ikani foni pamalo pamene ingajambule TV ndi makinawo pamodzi, mujambule kuyambira poyatsa mpaka pozima popanda kudula kanemayo, ndipo poyambirira muonetse nambala ya makinawo kuti pasadzakhale wonena kuti munajambula ena. Chitani zimenezi ndi magemu awiri osiyana. Ngati makina azima pa gemu imodzi yokha koma ina n'kuyenda maola awiri popanda vuto, n'kutheka kuti cholakwika chili pa gemuyo kapena pa disiki yake, ndipo pamenepo kalata yofuna makina atsopano ingakuchititseni manyazi.

Yang'anitsitsani mmene makinawo amazimira. PS5 ikatentha kwambiri nthawi zambiri imayamba yachenjeza ndi uthenga woyamba ndi mawu akuti `Your PS5 is too hot`, ndipo mukaika dzanja kumbuyo kwake mumamva ngati fani ikutulutsa mphepo yotentha kapena yangoti zii. Makina a masabata awiri sangakhale atadzaza kale fumbi moti n'kutsekeka, ngakhale fumbi la Lusaka likhale lotani, choncho fani yosazungulira pa makina atsopano ndi chilema chochokera kufakitale, apo ayi makinawo sanali atsopano. Koma ngati azima mwadzidzidzi popanda chenjezo, nyali zonse n'kuthima ngati munthu wazula pulagi, makamaka pamene gemu yafika pa zithunzi zolemera, amisiri amayamba kukayikira chipangizo cholandira magetsi cha m'kati. Inu simukuyenera kutchula chimene chawonongeka. Lembani zimene mwaona zokha, pakuti mukangolemba kuti fani yafa, mmisiri wawo n'kupeza kuti fani ikuzungulira, adzanena kuti dandaulo lanu lonse n'labodza.

Chinthu chimodzi chimene mungayese popanda kuwononga mlandu wanu ndi `Safe Mode`. Makina atazima, dinani batani loyatsira osalisiya mpaka mutamva kulira kwachiwiri patapita pafupifupi masekondi 7, mulumikize padi, chija mwana amagwira posewera, ndi chingwe chake, mudine batani la PS, ndipo musankhe `Clear Cache and Rebuild Database`, kenako `Rebuild Database`. Zimenezi sizifufuta magemu, ndipo zimakupatsani mwayi wolemba m'kalata kuti munayesa njira imene opanga makinawo amalangiza koma sizinathandize. Kupitirira apo musachite chilichonse. Musamasule sikuluu ngakhale imodzi, musamatule kapepala kalikonse komata, ndipo musapite nawo kwa mnyamata wokonza mafoni ngakhale akhale waluso chotani, chifukwa makina akangotsegulidwa ndi munthu wina sitolo yapeza pothawira.

Yankho limene muyenera kuliyembekezera kuposa ena onse ndi lakuti magetsi a kunyumba kwanu ndi amene anapsereza makinawo. Kuchokera pa chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, nyumba zambiri zinayamba kudalira majenereta ndi ma inivata, ndipo n'zoona kuti magetsi obwera mwamphamvu pambuyo pozima amawononga zipangizo. Wogulitsa akanena zimenezi sikuti nthawi zonse akunama. Koma makina opserera ndi magetsi kawirikawiri sayakanso n'komwe, pamene anu amayaka bwinobwino, n'kugwira ntchito mphindi 20, n'kuzima, ndipo amachita chimodzimodzi tsiku ndi tsiku. Fotokozani m'kalata mmene makinawo analumikizidwira, ndipo munene zoona zokhazokha. Ngati muli ndi chotetezera magetsi, chitchuleni. Ngati munawayatsapo pa jenereta, musalembe kuti simunatero. Koposa zonse, dziperekeni kuti makinawo ayesedwe m'sitolo momwemo, pa magetsi awo, inu muli pomwepo, popeza akazima pa kauntala yawo nkhani ya magetsi a ku Chilenje yatha.

Kalata ilembedwe kwa manejala kapena mwini sitolo, osati kwa mnyamata amene anakugulitsani, ndipo dzina la kampani mulitenge pa lisiti, pamene pamakhalanso nambala yawo ya msonkho ya TPIN, chifukwa dzina la pachikwangwani nthawi zina limasiyana ndi limene analembetsa ku PACRA. Ngati sanakupatseni lisiti, uthenga wa Airtel Money kapena MTN MoMo wokhala ndi tsiku, ndalama ndi nambala ya malipiro ndi umboni wakuti munagula, chimodzimodzinso kapepala ka makina a khadi la kubanki. Nambala ya makina ili pa makinawo ndi pabokosi, ndipo muonetsetse kuti ziwirizi zikufanana. Zikasiyana, ndiye kuti munagulitsidwa makina a m'bokosi la ena, ndipo zimenezo zilowe m'kalata. Popeza kalatayi ingadzawerengedwe ku CCPC kapena kukhoti, kumene ntchito imayenda m'Chingerezi, ndi bwino kuipereka m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi dongosolo lake zikhale monga izi, mutasintha paliponse pamene sizikugwirizana ndi zimene zinachitikadi.

*15 Marichi*

*Kwa a Manejala,*

*PEMPHO LOSINTHA PS5 YOWONONGEKA, NAMBALA YA MAKINA ………, LISITI NAMBALA ………*

*Pa 1 Marichi ndinagula m'sitolo yanu PS5 yatsopano pa mtengo wa K14,500. Kuyambira pa 5 Marichi makinawa amazima okha akagwira ntchito pafupifupi mphindi 20. Pa 6 Marichi ndinadziwitsa wogulitsa wanu za vutoli pa WhatsApp, ndipo anandilangiza kuti ndiwaike pamalo opita mphepo. Ndinatero, ndinayesa magemu awiri osiyana, ndinachitanso Rebuild Database, koma vuto silinasinthe. Makinawa amalumikizidwa pa soketi ya pakhoma ndi chingwe chake, sanagwe, sananyowe, ndipo sanatsegulidwe ndi munthu aliyense.*

*Makinawa sakugwira ntchito imene anagulidwira, choncho sindikuwavomera. Mogwirizana ndi gawo 49 la Competition and Consumer Protection Act, ndikupempha kuti mundipatse makina ena atsopano a mtundu womwewo pofika pa 22 Marichi. Ngati mulibe makina otero, mundibwezere K14,500 yonse pofika tsiku lomwelo. Ndine wokonzeka kubweretsa makinawa ndi zonse za m'bokosi kuti ayesedwe m'sitolo yanu ine ndilipo.*

*Ndikapanda kulandira yankho lolembedwa pofika tsikulo, ndidzapereka nkhaniyi ku CCPC. Ndaphatikiza makope a lisiti ndi a uthenga wa pa 6 Marichi, ndipo kanema woonetsa vutoli ndili naye.*

*Ine wanu,*
*dzina, siginecha ndi nambala ya foni*

Mwaona kuti kalatayi ndi ya tsamba limodzi, ndipo mulibe mawu onena za kukhumudwa kwa mwana, ndalama za basi zimene mwawononga, kapena mwano umene mwina munalandira pa kauntala. Zonsezo n'zoona ndipo zimapweteka, koma zikalowa m'kalata manejala amayankha zimenezo n'kusiya nkhani ya makina. Musawatche akuba, ndipo musawaopseze kuti mudzawayalutsa pa intaneti, chifukwa mawu otero amasandutsa wodandaula kukhala woyankha mlandu. Kutchula CCPC sikuopseza ayi, ndi kungowadziwitsa kumene nkhaniyo ipite, ndipo kumakwanira kukanenedwa kamodzi. Tsiku lomalizira lilembedwe ndi nambala, popeza mawu akuti mwamsanga aliyense amawamasulira mmene afunira.

Sindikizani makope awiri, mupite nawo nokha, ndipo amene walandira asaine pa kope yanu, alembe dzina lake ndi tsiku, adindepo chidindo cha sitolo ngati chilipo. Akakana kusaina musakangane nawo: siyani kalatayo pa kauntala pamaso pa munthu amene mwapita naye, mulembe pa kope yanu nthawi ndi dzina la wokanayo, ndipo mukangotuluka tumizani chithunzi cha kalatayo pa nambala ya WhatsApp yomwe ija ndi pa imelo ya sitolo ngati ili pa lisiti. Lisiti yeniyeni isachoke m'manja mwanu. Malisiti ambiri a masiku ano amasindikizidwa pa pepala limene limafufutika likakhala padzuwa kapena m'chikwama cha m'thumba, choncho ijambuleni lero zilembo zikadaoneka.

Tsopano za mmisiri wawo. Sitolo ili ndi chifukwa chomveka chofuna kuona makinawo isanapereke ena, ndipo kukaniratu kungakuonetseni ngati munthu wobisa kanthu. Chimene muyenera kukana ndi kusiya makinawo popanda pepala. Ngati vutolo silingaoneke inu muli pomwepo ndipo avomereza kuwasunga, akulembereni kapepala kokhala ndi nambala ya makina, zonse zimene mwasiya monga padi ndi zingwe, mawu akuti makinawo alibe mng'alu kapena chizindikiro chakugwa, tsiku lowatenga, ndi chiganizo chakuti asiyidwa kuti ayesedwe, osati kuti akonzedwe. Kusiyana kwa kuyesa ndi kukonza n'kwakukulu pa mlandu wanu, chifukwa mukavomera kukonza mudzabwezeredwa makina otsegulidwa amene munalipira mtengo wa atsopano, ndipo akadzazimanso mwezi wamawa adzakuuzani kuti munavomera nokha. Jambulani makinawo mbali zonse ali pa kauntala. Musanawasiye, chotsani khadi la kubanki pa akaunti ya PlayStation ndipo mutulukemo, koma musafufute zonse ndi `Reset Your Console` mpaka atavomera kusintha, kuti makinawo ayesedwe ali mmene analili pamene vuto linkachitika. Muuzeni mwana pasadakhale kuti pamene anafika m'magemu a PS5 sipakoperedwa pa fulashi. Pamasungidwa pa intaneti kwa okhawo amene amalipira PlayStation Plus, kotero n'kutheka kuti adzayambiranso.

Mwina adzakuuzani kuti makinawo ali ndi walanti ya chaka chimodzi ya Sony, ndiye mukadandaule kumeneko. Walanti ya opanga ndi chowonjezera chabe, ndipo siichotsa udindo wa amene analandira ndalama zanu. Ndiponso walanti imeneyi imayendera chigawo cha dziko kumene makinawo anayenera kugulitsidwa, pamene makina ambiri a m'masitolo a m'tauni amabwera ndi amalonda oyenda okha kunja. Yang'anani nambala ya mtundu yoyamba ndi `CFI` pabokosi: yothera ndi 00, monga `CFI-2000`, ndi ya msika wa ku Japan, yothera ndi 15 ndi ya ku America, pamene yothera ndi 16 ndi imene imagulitsidwa ku Ulaya. Ngati anu ali a ku Japan kapena ku America, kukutumizani kwa opanga n'kukutumizani kumene simungathandizidwe mosavuta, ndipo muyankhe mwaulemu kuti pangano lanu lili ndi sitolo. Akafuna kukupatsani vocha yogulira katundu wina m'sitolo momwemo, kapena kudula ndalama zina ponena kuti makinawo mwawagwiritsa ntchito masabata awiri, simukakamizidwa kuvomera, makamaka popeza makinawo anagwira ntchito bwino masiku 4 okha.

Pa 22 Marichi pakadutsa popanda yankho, kapena akakana, tengani kope yosainidwa ija, lisiti, uthenga wa pa WhatsApp ndi kanema, mukapereke dandaulo ku CCPC. Kudandaula kumeneko n'kwaulere, ndipo bungweli limalemberana ndi wamalonda kuti amve mbali yake, kotero nkhani imatenga nthawi ndithu, koma dandaulo lokhala ndi masiku olondola ndi mapepala okwanira limayenda msanga kuposa la pakamwa. Njira ina ndi khoti la milandu ing'onoing'ono la muno mu Lusaka, Small Claims Court, kumene munthu amadziimira yekha popanda loya, ndipo kumenekonso chinthu choyamba chimene adzafune kuona ndi umboni wakuti munapempha sitolo mwa kalata musanabwere.

Akavomera kusintha, musanyamule bokosi lotseka n'kumapita. Litsegulidwe pamaso panu, muone kuti nambala ya pamakina ikufanana ndi ya pabokosi ndiponso kuti si yomwe ija munabweza, ndipo makinawo ayatsidwe m'sitolo ndi gemu kwa nthawi yoposa mphindi 20 zimene oyamba aja ankazimira. Pomaliza akulembereni lisiti yatsopano, kapena alembe pa yakaleyo tsiku losinthira ndi nambala ya makina atsopanowo n'kusainapo, chifukwa lisiti ya pa 1 Marichi ikunena za makina amene simulinso nawo.